Karenti resho ndi kwiki resho: bwanji wa holoselo wa 0.9 akugona tulo pomwe kontirakitala wa 2.4 akuzemba masapulaya?

Anthu ambiri amene anaphunzirako za maakaunti ngakhale pang'ono chabe anatuluka ndi lamulo limodzi m'mutu, loti karenti resho yabwino ndi 2 ndipo kwiki resho yabwino ndi 1, basi, ikatsika pamenepo ndiye kuti bizinesi ikudwala. Ine lamulo limeneli ndinaliloweza ngati ndakatulo yakupulayimale ndipo linanditengera nthawi kuti ndilisiye, chifukwa ukayamba kuona mabuku a mabizinesi osiyanasiyana umapeza wina ali pa 0.9 koma akulipira aliyense pa nthawi yake, wina ali pa 2.4 koma foni ikangolira akuyamba wayang'ana kaye kuti akuimba ndani.

Tiyambe ndi masamu ake omwe si ovuta konse. Mu balansi shiti, pepala losonyeza chuma ndi ngongole za bizinesi, muli magulu awiri amene tikuwafuna. Loyamba ndi chuma chomwe chikuyembekezeka kusanduka ndalama pasanathe miyezi 12, monga kashi ya m'manja ndi ya kubanki, ndalama zomwe makasitomala anakongola katundu sanalipire, sitoko yomwe ili m'shopu kapena mu weyahausi, komanso zomwe munalipiriratu monga lendi kapena inshulansi. Lachiwiri ndi ngongole zomwe muyenera kubweza m'miyezi 12 yomweyo, apa tikunena masapulaya, ovadirafuti yomwe ndi ndalama zomwe banki yakulolani kutapa kuposa zomwe muli nazo ku akaunti, msonkho wa MRA womwe sunapite, malipiro a antchito omwe sanaperekedwe, ndi gawo la loni yaitali lomwe likuyenera kubwezedwa chaka chino. Karenti resho ndi gulu loyambalo kugawa ndi lachiwirilo, ndipo mu malipoti a makampani kapena mukamalemba mu Excel mayina ake amaoneka chonchi:

```
current ratio = current assets / current liabilities
quick ratio = (current assets - inventory - prepayments) / current liabilities
```

Karenti resho ikakhala 1.5 ikutanthauza kuti pa kwacha iliyonse yomwe mukuyenera kubweza posachedwa muli ndi K1.50 ya zinthu zomwe zingasanduke ndalama. Kwiki resho ndi yomweyo koma yankhanza, imachotsa sitoko chifukwa sitoko iyenera kupeza kaye wogula, imachotsanso zolipiriratu chifukwa lendi yomwe munapereka kale kwa alandilodi simungakaitenge kuti mulipirire sapulaya. Ena amangochotsa sitoko yokha osachotsa zolipiriratu, ndiye mukamayerekeza manambala a anthu awiri funsani kaye kuti aliyense anawerengera njira iti.

Tsopano tiyerekeze mabizinesi awiri, manambalawa ndangowapanga kuti tiphunzirirepo koma amafanana ndi zomwe zimachitikadi.

Woyamba ndi holoselo ya golosale, ija yogulitsa shuga, sopo, mafuta ophikira, mchere, zakumwa, anthu a maokala amabwera m'mawa kudzapikula. Pa tsiku lotseka mabuku ili ndi K12 miliyoni ya kashi ndi kubanki, makasitomala ochepa odalirika anakongola katundu wa K8 miliyoni, ndipo sitoko ndi ya K70 miliyoni. Zonse pamodzi K90 miliyoni. Mbali ya ngongole, masapulaya akufuna K85 miliyoni, ovadirafuti K10 miliyoni, msonkho ndi malipiro K5 miliyoni, zonse K100 miliyoni. Karenti resho ndi 90 kugawa ndi 100 yomwe ndi 0.9. Kwiki resho, tikachotsa sitoko patsala K20 miliyoni, ndiye ndi 0.2. Munthu wa lamulo lija akaona 0.2 akhoza kugwira pakamwa n'kunena kuti shopu iyi mwezi wamawa itsekedwa.

Wachiwiri ndi kontirakitala womanga midadada ya sukulu ndi nyumba za maofesi. Kubanki ali ndi K5 miliyoni, omwe anawamangira koma sanalipire ali ndi ndalama zake K120 miliyoni, simenti, zitsulo, malata ndi ntchito yomwe ili mkati yomwe sanalembere invoisi ndi K55 miliyoni. Zonse K180 miliyoni. Ngongole zake, masapulaya a hadiweya K35 miliyoni, malipiro ndi msonkho K15 miliyoni, loni ya kubanki yobweza chaka chino K25 miliyoni, zonse K75 miliyoni. Karenti resho ndi 180 kugawa ndi 75, ikutuluka 2.4. Kwiki resho ndi 125 kugawa ndi 75, pafupifupi 1.7. Papepala uyu ndiye bwana.

Koma chomwe maresho awiriwa sanena ndi masiku. Amakuuzani kuti m'thumba muli zingati ndipo kunja akufuna zingati, koma sakuuzani kuti ndalama ikulowa liti ndipo woitanitsa ngongole akubwera liti, ndipo bizinesi simafa chifukwa choti chuma chake ndi chochepa papepala ayi, imafa Lachisanu lija lomwe antchito aima pakhomo koma ku akaunti kulibe kanthu.

Ndiye tiwerenge masikuwo. Wa holoselo uja tinene kuti pachaka amagula katundu wa K840 miliyoni n'kumugulitsa pa K900 miliyoni. Sitoko ya K70 miliyoni mukaigawa ndi 840 n'kuchulukitsa ndi masiku 365 mupeza masiku pafupifupi 30, kutanthauza kuti katoni ya sopo ikalowa mu weyahausi imatha mwezi umodzi yagulidwa. Okongola aja K8 miliyoni pa K900 miliyoni ndi masiku atatu okha, chifukwa pafupifupi aliyense amalipira pompopompo kaya ndi kashi kaya ndi Mpamba kapena Airtel Money. Pomwe masapulaya, K85 miliyoni pa K840 miliyoni, amadikira masiku pafupifupi 37. Mwaiona nkhani yake? Katundu amabwera, pakatha masiku 33 ndalama yake ili kale m'manja, koma mwini katunduyo akudzafuna ndalama yake pa tsiku la 37. Ndiye kuti bizinesi iyi ikuyendera ndalama za masapulaya, ndipo tsiku lililonse mu tilo mukulowa pafupifupi K2.5 miliyoni. Ngongole ya K100 miliyoni ija sibwera yonse tsiku limodzi, imabwera pang'onopang'ono, lero wa shuga, mkucha wa mafuta, ndipo tilo imakhala itapanga kale ndalamayo.

Izi si za kuno kokha ayi. Walmart ya ku Amereka, yomwe ndi imodzi mwa makampani akuluakulu ogulitsa zinthu m'masitolo pa dziko lonse, yakhala zaka zambiri karenti resho yake ili pansi pa 1 ndipo palibe amene amati ikugwa. Ndi mmene bizinesi yogulitsa zakudya ndi zapakhomo imakhalira, sitoko imathamanga, ogula amalipira pomwepo, masapulaya amadikira.

Tibwerere kwa kontirakitala. Tinene kuti pachaka amagwira ntchito ya K240 miliyoni. Ndalama zomwe ali nazo kunja K120 miliyoni ndi theka la chaka chonse, masiku oposa 180. Ndipo mukapempha ndandanda ya okongolawo yosonyeza kuti invoisi iliyonse yakhala nthawi yaitali bwanji, mupeza mwina kuti K70 miliyoni ndi ya kasitomala mmodzi wamkulu amene wakhala akunena kuti fayilo ili pa desiki ya abwana kwa miyezi isanu ndi iwiri tsopano, K20 miliyoni ndi ndalama ija mwini ntchito amasunga mwadala mpaka nthawi yoonera ngati nyumbayo siing'aluka itatha, amati ritenshoni, yomwe nthawi zambiri imatenga miyezi 6 kapena chaka. Yomwe ingabweredi mwezi uno kapena wamawa ndi K30 miliyoni yokha. Muikepo K5 miliyoni ya kubanki ija, K35 miliyoni kugawa ndi 75, kwiki resho yeniyeni yatsika kuchoka pa 1.7 kufika pa 0.47. Ndipo iye alibe tilo yolira tsiku ndi tsiku ngati mnzake uja, ndalama yake imabwera ya mulu kamodzi pakanthawi, pomwe amisiri ndi aganyu amafuna zawo kumapeto kwa sabata kapena kwa mwezi, hadiweya imapereka masiku 30 basi, banki imadula yokha pa tsiku lake osafunsa kuti mwalipidwa kapena ayi.

Choseketsa koma chomvetsa chisoni ndi chakuti kasitomala uja akamachedwa kulipira resho ya kontirakitala siitsika konse, mwinanso imakwera, chifukwa ntchito yatsopano iliyonse yomwe walembera invoisi ikuwonjezera mbali ya chuma ndi phindu lake lomwe. Ndiye nambala ikukongola pomwe munthu akumira. Apa ndi pomwe kwiki resho imanama kwambiri, imakayikira sitoko koma imakhulupirira okongola onse ngati kuti ndi ndalama ya m'thumba. Kwa wa holoselo zinthu zatembenuka, sitoko yake ya shuga ndi mafuta ndi yosavuta kusandutsa ndalama kuposa invoisi ya kontirakitala, atati atsitse mtengo pang'ono lero shuga yense angathe dzuwa lisanalowe, koma kwiki resho yamuchotsera zonsezo ngati kuti ndi miyala.

Sindikunena kuti wa holoselo alibe ngozi ayi. Ngozi yake ndi ina, ndipo resho siionetsanso. Moyo wake wonse wakhazikika pa zinthu ziwiri, kuti malonda asaime ndiponso kuti masapulaya apitirize kumukhulupirira. Sapulaya wamkulu akangoti kuyambira mwezi uno katundu ndi wa kashi basi, zomwe zimachitika kwambiri katundu akamasowa pamsika, masiku 37 aja amasanduka ziro ndipo dzenje la mamiliyoni ambiri limatseguka nthawi imodzi, K12 miliyoni ya kubanki ija siingatseke. Ndiye 0.9 yake ndi yabwino pokhapokha zinthu zikuyenda mmene zimayendera masiku onse.

Ndipo sitoko ndi mawu amodzi koma zinthu zake ndi zosiyana kutalitali. K70 miliyoni ya shuga si yofanana ndi K70 miliyoni ya masipeyala a galimoto omwe ena akhala pa shelefu zaka zitatu kudikira mwini galimoto ya mtundu umenewo, kapena madiresi a fashoni yomwe yadutsa, kapena mankhwala a ku famase omwe atsala miyezi iwiri kuti athe mphamvu. Malamulo a maakaunti amati sitoko ilembedwe pa mtengo womwe munagulira kapena womwe mungaigulitsire lero, potengera wotsikirapo pa iwiriyi, koma m'mabizinesi ang'onoang'ono omwe alibe odita ndani amakhala pansi kuchotsera mtengo katundu wogona? Amangomuwerengera ngati watsopano. Ndiye wa masipeyala akhoza kukhala ndi karenti resho ya 3 kapena 4 chifukwa choti shopu yadzaza, osati chifukwa choti ndalama ilipo. Kwa iyeyu kwiki resho ndiye imanena zoona, pomwe kwa wa golosale imamunamizira. Chida chimodzi chomwecho.

Pali mabizinesi enanso omwe mbali ya ngongole ndi yomwe imasokoneza. Taganizani za makampani a mafoni ngati TNM ndi Airtel Malawi, onse ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ndipo malipoti awo aliyense akhoza kuwawerenga. Inu mukagula mayunitsi kapena bandulo, kampaniyo yalandira ndalama koma sinakupatseni ntchito yake, ndiye m'mabuku gawo lomwe simunagwiritse ntchito limalembedwa ngati ngongole ya posachedwa. Koma ngongole imeneyi sadzaibweza ndi ndalama ayi, adzaibweza pokulolani kuimba foni ndi kulowa pa intaneti. Ikutsitsa resho koma siidzatulutsa kwacha ku akaunti. Chimodzimodzi sukulu ya pulayiveti yomwe makolo alipira fizi teremu isanayambe, kapena wa holo ya maukwati amene walandira madipoziti a miyezi ikubwerayi. Mukatenga resho ya bizinesi yotere n'kuiika pambali pa ya fakitale yomwe ngongole zake zonse ndi za masapulaya ofuna kashi, mukuyerekeza mbuzi ndi nkhuku chifukwa choti zonse zimagona m'khola. Mabanki ndiye osayamba n'komwe, balansi shiti yawo siigawidwa m'magulu awiri aja, ndalama zomwe inu munasungitsa ndi ngongole kwa iwo ndipo mukhoza kukaitenga tsiku lililonse, ndiye iwo amayezedwa ndi miyezo ina yomwe Reserve Bank of Malawi imaika.

China chomwe anthu amaiwala ndi chakuti balansi shiti ndi chithunzi cha tsiku limodzi lokha, tsiku lotseka chaka. Kuno kwathu komwe mabizinesi ambiri amayendera nyengo ya ulimi tsikulo ndi nkhani yaikulu. Wogulitsa zipangizo za ulimi mukamujambula mu Okutobala weyahausi yadzaza feteleza ndi mbewu zomwe zambiri watenga pa ngongole, kwiki resho ili pansi penipeni. Mukamujambulanso mu Febuluwale sitoko yatha, ndalama ili kubanki, masapulaya alipidwa, manambala akuwala. Munthu yemweyo, bizinesi yomweyo. Kampani ya shuga ngati Illovo imadula ndi kugaya nzimbe nyengo yopanda mvula ku Nchalo ndi ku Dwangwa koma shugayo amagulitsidwa chaka chonse, ndiye kuchuluka kwa sitoko yake kumadalira kuti mwayang'ana mwezi uti. Wogula fodya kapena soya naye chimodzimodzi, miyezi yogula amakhala ndi ngongole ya kubanki yaikulu ndi katundu wodzaza, ikadutsa nyengoyo zonse zimaphwa. Choncho ngakhale makampani awiri a ntchito yofanana, ngati wina amatseka mabuku mu Disembala wina mu Juni, maresho awo mwina akungosiyana chifukwa cha kalendala.

Ndipo poti ndi tsiku limodzi, ndi losavuta kulikongoletsa. Kampani ili ndi chuma cha K120 miliyoni ndi ngongole za K100 miliyoni, resho 1.2. Kutatsala tsiku limodzi kuti chaka chitsekedwe atenga K50 miliyoni ya kubanki n'kulipira masapulaya msanga, patsala 70 pa 50, resho yadumpha kufika 1.4 koma palibe tambala yomwe yawonjezereka, ndipotu kashi yachepa. Kwa amene ali pansi pa 1 masamu ake amayenda chobwerera, wa holoselo uja wa 90 pa 100 atati aode katundu wa K50 miliyoni pa ngongole afika 140 pa 150, resho yakwera kufika 0.93 chifukwa chotenga ngongole yambiri. Njira ina ndi kukambirana ndi banki kuti ovadirafuti isanduke loni ya zaka zitatu, gawo lalikulu la ngongoleyo limachoka pa gulu la posachedwa n'kupita pa gulu la nthawi yaitali, resho n'kukwera. Iyi yokha nthawi zina imathandizadi chifukwa yakupatsani mpata wopuma, koma ngongoleyo ikadalipo ndi chiwongoladzanja chake. Ine ndikaona resho yomwe yakwera mwadzidzidzi pa chaka chomwe kampani ikupempha loni, ndimapempha masitetimenti a kubanki a mwezi wotsekera ndi mwezi wotsatira, kuti ndione zomwe zinatuluka pa 30 n'kubwereranso pa 3.

Palinso nkhani ya kwacha yomwe imapangitsa kuti kuyerekeza woitanitsa katundu kunja ndi wogula katundu konkuno kukhale kovuta. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze wa hadiweya amene anali ndi ngongole ya madola 50,000 kwa sapulaya wa kunja. Dzulo lake m'mabuku inali K59 miliyoni, m'mawa mwake K85 miliyoni. Sitoko yake m'mabuku inakhalabe pa mtengo wakale womwe anagulira ngakhale kuti pashelefu anakweza mitengo tsiku lomwelo. Ndiye resho yake inagwa usiku umodzi kuposa mmene zinthu zinaipiradi, pomwe mnzake wotumiza katundu kunja amene anali kudikira madola kuchokera kwa ogula ake resho inakwera iye ali mtulo. Wina wogula ndi kugulitsa zonse m'makwacha manambala ake sanasunthe tsiku limenelo. Mukawaika atatuwa pa tebulo limodzi n'kumati uyu ndiye amayendetsa bwino ndalama kuposa uyu, mukuyamikira kapena kudzudzula munthu pa zomwe sanachite.

Ndiye maresho amenewa ndi opanda ntchito? Ayi, ine ndimawawerengerabe nthawi zonse ndipo amatenga mphindi ziwiri zokha. Amagwira bwino ntchito mukayerekeza bizinesi ndi iyo yomwe, chaka chino ndi chatha ndi dzana lake pa mwezi womwewo. Holoselo yomwe yakhala pa 0.9 zaka zinayi siindidetsa nkhawa, koma yomwe inali pa 1.3 kenako 1.1 kenako 0.9 ndimafuna kudziwa kuti ndalama ikupita kuti, kawirikawiri umapeza kuti mwini wake akumanga nyumba kapena wagula lole ndi ndalama za masapulaya, wachotsa ndalama yozungulira n'kuikwirira m'chinthu chomwe sichingabwerere msanga. Amagwiranso ntchito mukayerekeza holoselo ndi holoselo inzake, kontirakitala ndi kontirakitala mnzake. Ndipo mpata wa pakati pa maresho awiriwo umanena zambiri paokha, karenti ikamakwera kwiki ili pomwepo ndiye kuti sitoko ikuunjikana, mwina katundu sakuyenda kapena wina akuoda mopyola muyezo.

Resho yokwera kwambiri nayonso si chinthu chonyadira nthawi zonse. Bizinesi ya 5 kapena 6 mwina yangosunga ndalama zambiri ku akaunti yomwe siibereka kanthu pomwe mitengo ya zinthu ikukwera mwezi ndi mwezi, ndalamayo ikungosungunuka ili chikhalire.

Kwa kontirakitala wathu uja, atabwera kwa ine ndi 2.4 yake kudzafuna kuti ndimubwereke ndalama kapena ndimupatse simenti pa ngongole, sindingakangane naye za resho. Ndingatenge pepala n'kulemba masabata 13 akubwerawa, sabata iliyonse mzere wake, mbali ina ndalama yomwe ali ndi chitsimikizo kuti ilowa, mbali ina malipiro a amisiri, tsiku lomwe banki imadula, tsiku la msonkho ndi la hadiweya. K70 miliyoni ya fayilo ili pa desiki ija sindingaiike pa sabata iliyonse mpaka atandionetsa kalata yoti yavomerezedwa kulipidwa, ritenshoni ndingailembe pansi penipeni kunja kwa masabatawo. Ndi K5 miliyoni yomwe ali nayo ndi K15 miliyoni ya malipiro ndi msonkho yomwe ikumudikira kale, ngati K30 miliyoni ija ichedwa ngakhale ndi masabata awiri, mzere woyamba kufiira ukhala wa kumapeto kwa mwezi uno.